Kupempha mneneri wa kampani kuti acheze nanu: uthenga wake ukhale wotani

Moni nonse amene mukuonera vidiyoyi. Lero tikambe za uthenga umene mtolankhani amatumiza ku kampani pofuna kucheza ndi mneneri wake. Ambiri amangolemba kuti, "Ndikufuna kucheza nanu pa nkhani ina yake." Akatero amadikira, masiku nkumapita, kenako nkuyamba kudandaula kuti kampaniyo ikubisa zinthu.

Dziwani kaye kuti mneneri sayankha zam'mutu mwake. Uthenga wanu ukafika, amautengera kwa mabwana ake, nthawi zina mpaka kwa maloya a kampaniyo, kuti amuuze zoti anene. Ngati simunatchule chimene mukufuna, iye apita ndi chiyani kwa mabwanawo? Choncho lembani uthenga woti akhoza kungoupatsira kwa wina osawonjezerapo kanthu.

Tiyerekeze kuti kampani yopanga zakumwa yachotsa m'masitolo chakumwa chake china, ndipo mkonzi wakupatsani nkhaniyo Lolemba m'mawa. Imelo yanu ingakhale ngati iyi imene mukuiona apa.

"Mutu: Pempho locheza ndi mneneri pa za chakumwa chochotsedwa m'masitolo, yankho pofika Lachitatu masana.

Ndine mtolankhani wa nyuzipepala yakutiyakuti. Ndikulemba nkhani ya chakumwa chimene mwachotsa m'masitolo sabata yatha. Ndikufuna kumva chimene chachititsa, kuchuluka kwa mabotolo okhudzidwa, ndi zimene angachite anthu amene anagula kale. Ndikupempha mphindi 15 pa foni ndi mneneri wanu, Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa. Ndidzajambula mawu, ndipo zimene adzanene zidzalembedwa ndi dzina lake. Nkhaniyi ituluka Lachinayi, choncho ndikufunika yankho pofika Lachitatu 12 koloko masana. Ngati foni siitheka, mayankho olemba ndilandira."

Pansi pake muike dzina lanu ndi nambala ya foni.

Taonani mmene mutu wa nkhani waperekedwera. Ndatchula mbali zitatu zimene tidzakambe, koma mafunso enieniwo sindinalembe. Ofesi zambiri zimabweza uthenga wakuti, "Tumizani mafunso kaye." Ine ndimakana mwaulemu, chifukwa mafunso akapita onse, chimene chimabwera ndi chikalata chosalala chimene sichiyankha kanthu, ndipo mwayi wofunsa kuti "mukutanthauza chiyani pamenepa?" watha. Koma pali pamene simungachitire mwina. Ngati nkhani yanu ikunena kuti kampaniyo yalakwa, mwachitsanzo ogula ena akuti anadwala atamwa chakumwacho, muyenera kuwauza zimenezo momveka bwino ndi kuwapatsa nthawi yokwanira yoti ayankhepo. Kubisa chinenezo chotere nkukachitulutsa mwadzidzidzi pa foni si kuchenjera ayi. Mneneri adzangoti, "Zimenezo ndifufuze kaye," inu nkutsala manja lende.

Za kutalika kwa macheza, nenani zoona. Mphindi 15 zimapezeka ngakhale kwa munthu wotanganidwa, pamene ola lathunthu limafuna kusuntha misonkhano. Musapemphe 15 nkumusunga munthu mphindi 40, chifukwa ulendo wina sadzakuyankhani.

Tsopano tsiku lomaliza, pomwe ambiri amapunthwa. Mawu akuti "mwamsanga" alibe ntchito, msanga wanu si msanga wawo. Tchulani tsiku ndi ola, ndipo ngati kampaniyo ili kudziko lina, nenani kuti olalo ndi la nthawi ya kuti. Komanso musawapatse ola lomwe mkonzi akufuna nkhaniyo. Mu chitsanzo chathu, ngati mkonzi akuifuna Lachitatu 5 koloko madzulo, kampani yauzidwa 12 koloko, kuti mutsale ndi maola 5 omvetsera zimene mwajambula ndi kulemba. Ine ndinaphunzira movutikira. Tsiku lina ndinapereka ola la mkonzi lenilenilo, yankho linafika kutatsala mphindi 10, lili ndi manambala otsutsana ndi amene ndinali nawo, ndipo nthawi yofunsanso panalibe.

Njira yochezera nayonso itchulidwe. Wa wailesi anene ngati macheza adzaulutsidwa pompopompo kapena adzajambulidwa kaye, wa kanema anene malo ndiponso ngati akubwera ndi wojambula. Mgwirizane poyamba pomwe ngati dzina la mneneri lidzatchulidwa, asadzanene macheza atatha kuti, "Zija musalembe."

Nanga akangokhala chete? Lachiwiri m'mawa imbani foni ku ofesi yawo, mufunse ngati imelo inafika ndiponso amene akuisamalira. Lachitatu m'mawa tumizani chikumbutso chachifupi pansi pa imelo yoyamba ija, kuti tsiku limene munapempha lionekere. Ola likakwana, lembani m'nkhani kuti kampaniyo sinayankhe pofika nthawi yosindikiza. Musalembe kuti inakana kuyankha, pokhapokha wina wa kumeneko atakuuzani kuti sayankhapo. Imelo zonse ndi nthawi zimene munaimba zisungeni, chifukwa akadzadandaula Lachinayi kuti sanafunsidwe, mkonzi adzafuna kuziona.