Dothi likamakokera mzati pansi

Amayi ndi abambo, zikomo chifukwa chobwera. Ambiri mwa inu mwaonapo makina aja okhomera mizati ya konkire kapena yachitsulo pansi, imene amisiri ena amaitchula kuti mapailo. Timaikhoma pamene dothi lapamwamba ndi lofewa, kuti kulemera kwa nyumba kapena mlatho kukafike pa nthaka yolimba ya pansi. Lero ndikufuna tikambe za chinthu chimodzi chimene chimayamba makina atachoka, anthu onse akuganiza kuti ntchito yatha.

Taonani ndodo iyi. Ndaigwira ndi dzanja lamanzere, ndipo ndikuikankhira pansi ndi lamanja. Dzanja lamanzereli likuikaniza kutsika. Umu ndi mmene dothi limathandizira mzati: limaugwira m'mbali monse, kwinaku nsonga yake itatsamira pa cholimba. Tsopano ndasiya kukankha, koma dzanja logwira lija ndi limene likutsika. Mwaona? Ndodo ikupita nalo pansi. Kagwiridwe sikanasinthe, koma kamene kanali thandizo kasanduka katundu. Dothi likamatitimira mofulumira kuposa mzati, limaukokera pansi, ndipo nsonga ija imasenza nyumba pamodzi ndi dothi lomwe.

Nanga dothi limatitimira bwanji popanda wolipondereza? Wolipondereza alipo, ndi ife tomwe. Pamalo pa chithaphwi timathira dothi kuti pakwere, madzi asamafike. Dothi lothiralo, ngati silinatsinderedwe bwino, limadzitsika lokha chifukwa cha kulemera kwake, makamaka likanyowa. Koma vuto lalikulu lili kunsi kwake. Dongo lofewa limakhala lodzaza ndi madzi, ndipo madzi satuluka msanga m'dongo. Tikathira dothi pamwamba, poyamba madzi ndi amene amasenza kulemerako. Kenako amafinyika pang'onopang'ono, dongo n'kumaphwa, ndipo ngati dongolo ndi lochindikala zimenezi zimatenga zaka. Zomwezi zimachitika madzi apansi akatsika chifukwa chopopa kwambiri. Ngakhale kukhoma komweko kumasokoneza dongo loyandikana ndi mzati, ndipo likamakhazikikanso limatsika pang'ono.

Apa mvetserani bwino. Sipafunika kuti dothi litsike kwambiri kuti likoke ndi mphamvu zake zonse. Mamilimita ochepa chabe, osafika pa sentimita imodzi, amakwana. Choncho munthu asakuuzeni kuti "malo ano atsika pang'ono pokha, palibe nkhawa". Akatswiri a ku Norway, Bjerrum ndi anzake, anayeza zimenezi pa mizati yachitsulo m'zaka za m'ma 1960, ndipo anapeza kuti mphamvu ya mkati mwa mzati inkakula pamene ankatsikira pansi, ngakhale pamwamba panalibe katundu aliyense.

Kukoka kumeneku sikufika mpaka kunsonga. Pamwamba dothi limatsika kuposa mzati. Pansi kwambiri mzati ndi umene umatsika kuposa dothi, ndipo kumeneko dothi limathandiza monga mwa masiku onse. Pakatipo pali malo amodzi amene mzati ndi dothi zimatsika mofanana. Tiwatchule kuti polekanira. Pamwamba pa polekanira dothi likukoka, pansi pake likuchirikiza. Mphamvu yaikulu kwambiri yofinya mzati siili pamutu pake ayi, ili pamalo amenewa, pamene maso athu safika. Mzati ukakhala pa thanthwe, polekanira pamakhala pafupi ndi thanthwelo, chifukwa mzati sukusuntha. Ukakhala wongoyandama m'dongo, polekanira pamakwera m'mwamba.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Tiyerekeze kuti tathira dothi latsopano lokwana mamita 3. Pansi pake pali dongo lofewa la mamita 10, ndipo madzi apansi ayambira pamene payambira dongolo. Kunsi kwa zonsezi kuli mchenga wolimba. Mzati wathu ndi wa konkire, wa mbali zinayi, mbali iliyonse mamilimita 350, ndiye kuuzungulira ndi mamita 1.4. Njira yodziwika yowerengera ndi iyi, ndailemba pabolodipa:

fs = β × σ'v

Chilembo choyambacho ndi kukoka kwa dothi pa sikweya mita imodzi ya khungu la mzati. Chomaliziracho ndi kulemera kumene dothi lenilenilo likusenza pamalo amenewo, titachotsa gawo limene madzi akunyamula. Chapakaticho, beta, ndi nambala yosonyeza kagwiridwe ka dothi. Pa dongo lofewa imakhala pafupifupi 0.2 mpaka 0.25, pa dothi lamchenga imakhala yokwererapo. Ife titenge 0.4 pa dothi lothira ndi 0.25 pa dongo.

Dothi lothira likulemera 18 kN pa kiyubiki mita. kN ndi muyeso wa mphamvu, ndipo 10 kN ndi kulemera kwa pafupifupi tani imodzi. Pansi pa mamita 3 pali 54 kPa, ndiko kuti 54 kN pa sikweya mita, pakati pake 27. Tikachulukitsa 27 ndi 0.4, ndi 1.4, ndi 3, tikupeza pafupifupi 45 kN. Zochepa ndithu. Tsopano dongo. Likulemera 16, koma poti lili m'madzi timachotsa pafupifupi 10, kutsala 6. Pamwamba pa dongo pali 54 kPa uja, pansi pake pali 54 kuphatikiza 60, ndiye 114. Pakati ndi 84. Chulukitsani 84 ndi 0.25, ndi 1.4, ndi 10, mupeza 294 kN. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 340 kN. Amenewa ndi matani pafupifupi 34 opachikika pa mzati umodzi, ndipo sakuoneka pa pulani ya nyumba.

Ndikufuna muone kumene kwachokera nambala yaikuluyi. Dothi lothira palokha lapereka 45 yokha. Koma 54 uja watsikira m'dongo lonse. Tikanawerenga dongo monga linalili tisanathire, pakati pake pakanakhala 30 kPa osati 84, ndipo yankho likanakhala 105 kN m'malo mwa 294. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, amatenga nambala za tsiku limene anabwera kudzayeza nthaka. Tiyenera kuwerenga mmene zidzakhalire dongo likadzamaliza kuphwa.

Nanga 340 ameneyu timamuika pati? Tinene kuti mzati ukusenza 600 kN ya kulemera kokhalitsa, ndiko kuti zipupa, denga ndi konkire, komanso 200 kN ya katundu wobwera n'kuchoka. Pamutu pa mzati pali 800. Polekanira pali 600 kuphatikiza 340, ndiye 940. Katundu wa kanthawi sitimuphatikiza ndi kukoka kwa dothi, malinga akhale wochepa kuposa kukokako. Chifukwa chake n'chakuti akabwera, mzati umatsika pang'ono, ndipo dothi lapamwamba limayamba laleka kukoka. Koma samalani, katundu wa m'nyumba yosungiramo zinthu amene amakhala miyezi yambiri si wa kanthawi, muwerengeni ngati wokhalitsa.

Tikapeza 940, timafunsa mafunso awiri. Loyamba ndi la mzati weniweniwo: kodi konkire ndi zitsulo zake, komanso polumikizira ngati ndi wolumikiza, zipirira? Pa mzati wathuwu, tikagawa 940 ndi kukula kwa nkhope yake, tikupeza pafupifupi 7.7 MPa, ndiko kuti 7,700 kPa, ndipo konkire yabwino ya mizati imapirira zimenezi. Pa mizati yaitali kwambiri ndi yopyapyala funsoli limavuta. Lachiwiri, limene ine ndimaliona lalikulu, ndi la kutsika. Mzati umatsika mofanana ndi dothi la polekanira. Ngati nsonga yalowa bwino mumchenga wolimba, polekanira pali pansi pa dongo pamene nthaka sikuyenda, ndipo nyumba itsika mamilimita ochepa. Koma wina akafupikitsa mzati kuti apulumutse ndalama, nsonga n'kuthera m'dongo momwemo, nyumba idzatsika limodzi ndi dongolo, ngakhale mzati usathyoke. Malamulo a kamangidwe amasiyana pa kaikidwe ka nambalazi, ena amangochotsa 340 pa zimene mzati ukuloledwa kusenza. Tsatirani lamulo limene ntchito yanu ikugwiritsa, koma mafunso awiriwa musawadumphe.

Bambo kumbuyoko mwafunsa kuti, bwanji osangouyesa mzati pousenzetsa katundu? Funso labwino kwambiri, bambo. Kuyesa n'kofunika, koma kumatenga masiku ochepa, pamene dongo limatenga zaka. Pa tsiku loyesa mukukankhira mzati pansi mofulumira kuposa dothi, ndiye mamita 13 onse aja akukuthandizani. Mzati uoneka wamphamvu. M'zaka zikubwerazo dothi lomwelo lidzakhala likukoka. Choncho pomasulira zotsatira, patulani gawo limene lachokera m'dothi lofewa, muone zimene mchenga wapansi ukunyamula pawokha. Njira yake ndi kuika zoyezera m'kati mwa mzati pa kuya kosiyanasiyana, kapena kuveka mzati woyeserawo paipi kumtunda kuti usakhudzane ndi dothi lofewalo.

Zochepetsera vutoli zilipo. Yabwino koposa, ngati nthawi ilipo, ndi kuthira dothi kaye, mwina loposa lofunikira, n'kudikira kuti dongo liphwe musanakhome. Timalamba ta pulasitiki totulutsira madzi tolowetsa m'dongo timafupikitsa njira ya madzi, zaka n'kusanduka miyezi. Podikirapo musamangoganiza, ikani mbale zachitsulo pansi pa dothi lothira ndi kumayeza kutsika kwake, mpaka muone kuti kwatsala pang'ono kuima.

Njira ina ndi kupaka phula pa mzati kuti dothi liziterereka. Phula lochindikala mamilimita ochepa limachotsa gawo lalikulu la kukokako, ndipo anthu a ku Norway aja anasonyeza zimenezi. Koma limafuna chisamaliro. Mizati yopakidwa ikakhala padzuwa phula limayenderera. Mukaikhoma kudutsa m'dothi lothira lokhala ndi miyala kapena zidutswa za njerwa, phula limapalika n'kutsala pamwamba ngati mphete yakuda kuzungulira dzenje. Mukaona mphete imeneyo dziwani kuti pansipo mzati walowa wopanda kanthu. Nchifukwa chake timayamba taboola dzenje m'dothi lothiralo. Ndipo pakani pamwamba pa polekanira pokha. Mukapaka mpaka kumunsi mwachotsa kugwira kumene mukudalira.

Chinanso, pamalo otere pewani mizati yokhomedwa mopendeka. Dothi likamatsika silimangoikoka, limaipindanso.

Mayi mwafunsa za nyumba yomangidwa kale, kuti munthu angadziwe bwanji. Zungulirani kunja. Mukaona mpata pansi pa konkire yomangira mitu ya mizati, woti dzanja n'kulowa, masitepe alekana ndi khomo, kapena mapaipi a madzi akuthyokera pamene akulowera m'chipupa, ndiye kuti nthaka ikutsika pamene nyumba yaima, ndipo mizati ikukokedwa. Pazokha zimenezi sizikutanthauza kuti nyumba ili pangozi, mwina mizati ikugwira bwino ntchito yake. Chodetsa nkhawa ndi pamene nsanamira zayamba kutsika mosiyana, ming'alu yopendeka ikukula m'zipupa, zitseko zikukana kutsekeka. Pamenepo itanani injiniya aike zizindikiro pa nsanamira, aziyeza mwezi ndi mwezi kuchokera pa malo osasuntha. Ndipo chonde, musathire dothi lina kuti mukwirire mpata uja musanamufunse, chifukwa dothi latsopanolo ndi kulemera kwina pa dongo lomwe lija.