Pagulu Funsani za Mudzi, Osati za M'nyumba ya Munthu

Zikomo amfumu potilola kukhala pano. Amayi ndi abambo, inu amene mudzatumidwe m'midzi ya kuno ku Katete kukacheza ndi magulu pa nkhani ya nkhanza za m'banja, tcherani khutu, chifukwa ntchito imeneyi ikhoza kupweteketsa munthu.

Zoyamba ndi zosavuta. Gulu likhale la anthu 6 mpaka 10, mukhale mozungulira, kucheza kusapitirire ola limodzi ndi theka. Mupite awiri, wina wofunsa, wina wolemba. Ngati mukufuna kujambula mawu pa foni, pemphani kaye, ndipo mmodzi akakana foniyo ibwerere m'thumba.

Chovuta ndi kusankha anthu. Pa nkhani iyi amayi akhale paokha, abambo paokha, atsikana paokha, wofunsanso akhale mwamuna kwa amuna, mkazi kwa akazi. Komatu zimenezo sizikwanira. Mukasonkhanitsa amayi asanu ndi atatu a mudzi umodzi, mudzapezamo mtengwa ndi apongozi ake, mwinanso anamkungwi amene anamulangiza. Kodi mtengwa ameneyo anganene kuti mwamuna womenya mkazi ndi wolakwa, amake a mwamunayo ali pamphasa yomweyo? Sanganene. Amfumu, pepani, ngakhale inu ndi akunyumba kwanu tidzakupemphani kuti mutilandire kenako mutisiye. Sikunyoza ayi. Munthu waulemu akayankhula koyamba, otsalawo amangoti "ndi momwemo", ndipo mubwerako ndi maganizo a munthu mmodzi mukuyesa ndi a gulu.

Mungadziwe bwanji kuti zafika pamenepo? Yang'anani maso. Mukafunsa, onse nkuyamba acheukira mayi mmodzi asanayankhe, dziwani kuti mwini gulu si inu. Wina akungoseweretsa nsonga ya chitenje, wina akuseka pamene palibe choseketsa. Wolemba alembe zimenezonso. Mayi wolankhulitsayo musamudule mwachipongwe. Nenani kuti, "Zikomo amayi, tamva. Nanga ena, alipo amene anaona zosiyana?" Mukatero khalani chete pang'ono. Musathamangire kudziyankha nokha.

Tsopano apa ndi pamene pali mtima wanga. Mukamacheza ndi munthu mmodzi, mukhoza kumulonjeza chinsinsi, pakuti pakamwa ndi panu nokha. Pagulu simungalonjeze. Inu mukwera njinga kubwerera ku boma, koma iwo mawa akumana pamjigo ndi kuchigayo. Choncho poyamba penipeni auzeni zoona: "Ife sitilemba dzina la munthu. Tikupempha kuti zokambidwa pano zithere pano, koma sitingatseke pakamwa pa wina aliyense. Musatchule dzina, ndipo musanene za m'nyumba mwanu zimene simungafune kuti zimveke."

Nchifukwa chake funso loti "Kodi amuna anu anakumenyanipo?" ndi loletsedwa pagulu. M'malo mwake bweretsani nkhani yopeka. Nenani kuti, "Pali mayi wina, si wa mudzi uno. Analima mtedza, wakolola, mwamuna wake wagulitsa matumba onse osamuuza. Atafunsa za ndalama, anamumenya. Kuno mayi wotere amayamba wapita kwa yani?" Mudzamva wina akuti kwa ankhoswe, wina kwa atsibweni ake, wina akuti amangopirira. Funsaninso kuti, "Ankhoswe akalephera, amatani? Akapita kupolisi, anthu amamunena zotani?" Mwaona? Mayi amene zinamuchitikira akhoza kunena zonse akudziwa popanda kudziulula, chifukwa akukamba za mayi wa mtedza uja.

Komabe zimachitika kuti wina amasintha mawu pakati pa chiganizo, kuchoka pa "amamumenya" kufika pa "amandimenya", misozi nkuyamba. Pamenepo musafunse kuti zinatha bwanji, ngakhale mukufunitsitsa kudziwa. Zimitsani chojambulira. Nenani motsitsa mawu, "Amayi, zimene mwanenazi ndi zazikulu. Ndikufuna tikambe awiri tikamaliza." Wolemba uja akhoza kutuluka nawo ngati iwo afuna. Pambuyo pake afunseni ngati angabwerere kunyumba bwinobwino lero. Musanyamuke ku ofesi musakudziwa kumene mungawatumize: kuchipatala chapafupi, ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena nambala yaulere ya 933. Munthu wamkulu amasankha yekha chochita, musamukakamize. Koma ikakhala nkhani ya mwana wosakwana zaka 18 amene akuzunzidwa kapena wakwatiwitsidwa, imeneyo sitiisunga. Pali nambala ya 116, ndipo mudziwitse okuyang'anirani tsiku lomwelo. Zimenezi muwauze anthu musanayambe kucheza, asadzati munawapusitsa.

Polemba lipoti samalaninso. Gulu silikuuzani kuti akazi angati amamenyedwa m'mudzimo. Anthu asanu mwa asanu ndi atatu akagwirizana, musalembe kuti "amayi ambiri a ku Katete". Chimene gulu limakupatsani ndi zimene anthu amaona kuti nzololeka, mawu amene amagwiritsa ntchito, ndi njira zimene amatsata pofuna thandizo. Mukafuna kumva zimene zinamuchitikira munthu, konzani zocheza naye payekha, pamalo amene wasankha mwini wake, ndipo wofunsayo akhale wophunzitsidwa ntchito imeneyo.

Tiyeni tsopano tigawane magulu atatu tiyeserere nkhani ya mtedza ija. Ndani ayambe kufunsa?