Chifukwa Chake Chipinda Chosesa Bwino Chimaonekabe Chodzaza

[Chithunzi: chipinda chochezera, chojambulidwa kuchokera pakhomo]

Chipinda mukuchionachi chasesedwa, chakolopedwa, ndipo mipando ili m'malo mwake, komabe munthu akalowa amaona ngati katundu wachuluka. Vuto lagona pamalo athyathyathya amene maso amafikira msanga, makamaka pa katebulo ka pambali pa mpando ndi pathabwa la m'munsi mwa zenera.

Munthu amatha kudziwa chiwerengero cha zinthu pongoyang'ana kamodzi ngati zinthuzo sizikupitirira zinayi. Zikaposa pamenepo, maso amayamba kudumpha kuchoka pa chinthu china kupita pa china, ndipo ntchito imeneyi ndiyo timaimva ngati chipwirikiti. N'chifukwa chake nyale imodzi yaikulu sivutitsa maso, pamene tizinthu tisanu ndi titatu tomwazika, ngakhale titakhala tokongola chotani, timachititsa tebulo lonse kuoneka losasamalika.

Musanagwire kanthu, imani pakhomo ndi kujambula chipindacho ndi foni. Zinthu zimene timaziona tsiku ndi tsiku maso amazizolowera mpaka kusiya kuziona, koma pachithunzi zimaonekera poyera.

[Chithunzi: katebulo, kojambulidwa pafupi]

Katebulo aka ndi ka masentimita 40 mbali zonse, ndipo pali zinthu zisanu ndi zinayi: nyale, rimoti, tchaja, makiyi, malisiti, kabotolo ka mankhwala, kapu, chithunzi cha m'felemu ndi kamphika ka duwa. Chotsani zonse, nyale yomwe, kenaka mupukute. Kuchotsa chimodzichimodzi sikuthandiza kwenikweni, chifukwa chinthu chilichonse mukachiyang'ana pachokha chimaoneka kuti chili ndi chifukwa chokhalira pamenepo.

Tsopano funsani kuti munthu amene amakhala pampandowu amafuna chiyani atakhala pansi. Amafuna kuwala, rimoti, ndi malo oikapo kapu. Nyale ibwerere kungodya yakumbuyo, popeza ndiyo yaitali, ndipo chingwe chake chitsikire kuseri kwa tebulo. Rimoti ndi tchaja muziike m'kathireyi kamodzi. Kathireyi kamagwira ntchito yoposa mmene anthu ambiri amaganizira, pakuti zinthu zikakhala m'malire amodzi maso amaziwerenga ngati chinthu chimodzi. Pa chithunzi ndi duwa, sankhani chimodzi chokha, ndipo chikhale chofupikirapo kuposa nyale, chifukwa zinthu zofanana msinkhu zikandandalikana zimaoneka ngati zaikidwa kuti zigulitsidwe. Pamenepa maso akuona zinthu zitatu, ndipo pafupifupi theka la tebulo, mbali yakutsogolo, latsala lopanda kanthu. Malo amenewo ndi a kapu ndi dzanja, musawadzaze.

Zotsalazo ndiye pamene ambiri amalepherera. Makiyi, malisiti ndi mankhwala zinafika pa katebuloka chifukwa zinalibe malo ake, ndipo mukangozisunthira pa tebulo lina, mwangosamutsa vuto. Makiyi apezereni pokoleka pafupi ndi chitseko, malisiti alowe m'envulopu imodzi m'kabati, ndipo mankhwala akhale pouma, posafika dzuwa komanso posafikira ana.

[Chithunzi: zenera, masana]

Zenera lili ndi vuto lakelake. Kuwala kumachokera kumbuyo kwa zinthu, choncho masana chilichonse choikidwa pamenepo chimaoneka chakuda, mtundu wake ndi kukongola kwake zitabisika, n'kutsala maonekedwe a m'mphepete okha. Tizinthu khumi tondandalikidwa pazenera timangokhala mzere wa zithunzithunzi zakuda pamalo owala kwambiri m'chipinda chonse, amene maso amathamangirako poyamba. Kuwonjezera apo, dzuwa limafwifwitsa zithunzi ndi zikuto za mabuku, limafewetsa makandulo, ndipo chinyezi chimene chimachita pagalasi kukazizira chimatsikira pathabwa n'kuononga mapepala.

Kwa ine, pazenera pamayenera chomera chokonda dzuwa, chimodzi kapena ziwiri zoyandikana, zoikidwa chakumbali kuti pakati kuwala kudutse. Mphika ukhale ndi kambale pansi kuti madzi asaononge thabwa, ndipo usatulukire kunja kwa m'mphepete. Mukatero, tsegulani zenera ndi kukoka katani. Ngati mwafunika kusuntha chinthu kuti muchite zimenezi, ndiye kuti chinthucho sichiyenera kukhala pamenepo.

Pakatha sabata, jambulaninso chipindacho mutaima pamalo omwe aja, ndipo muyerekeze zithunzi ziwirizo. Chinthu chimene chabwerera pa katebulo chikukuuzani kuti malo amene munachipatsa ali kutali ndi pamene chimagwiritsidwa ntchito. Ngati ndi magalasi owerengera, aloleni alowe m'kathireyi ndipo muchotsemo china. Ngati ndi makiyi, sunthani pokolekera paja kuti pakhale pomwe dzanja limafikira munthu akangolowa.