Pulesha ya boyila ikungotsika: yambani ndi kathanki kofiira

Moni nonse. Juni akafika muno mu Harare, abale athu amene amasamala nyumba ndi maloji ku Borrowdale kapena ku Highlands amayatsa maboyila otenthetsa zipinda, ndipo dandaulo limakhala limodzi: mwathira madzi dzulo, geji inali pa 1.2 bar, lero m'mawa ili pafupi ndi 0, koma pansi pali pouma. Madziwo apita kuti?

Musayambe kukumba simenti kufunafuna paipi yoboka. Boyila ikadali yozizira, bwezerani pulesha pa 1.2, muyatse, muime pomwepo maso ali pa geji. Zikakhala bwino, muvi umakwera pang'ono, mwina kufika 1.8, n'kuima. Ukathamangira ku 3, vuto mwalipeza.

Madzi akatentha amafufuma. Malita 100 akachoka pa madigiri 15 kufika 75 amawonjezeka ndi malita awiri ndi theka, ndipo m'mapaipi otsekeka alibe kolowera. Ntchito ya kathanki kofiira kolumikizidwa ku mapaipi a boyila ndi imeneyo: kulandira madzi owonjezekawo. M'kati mwake muli labala yolekanitsa madzi ndi mpweya; madzi akafufuma amakankha labalayo, mpweya n'kupanikizika. Mpweyawo ukatha, pulesha imakwera mpaka valavu yachitetezo ya boyila, imene imatseguka pa 3 bar, italavulira madzi panja. Boyila ikazizira usiku, madzi otsalawo amabwerera m'malo mwake, geji n'kugwa. Valavuyo sinalakwe, yateteza boyila, ndipo chonde musadzayerekeze kutseka paipi yake.

Kuti mutsimikize, mangirirani botolo kukamwa kwa paipi yotayira madzi ija. Mawa mukalipeza ndi madzi, bwerani pa kathanki. Kali ndi valavu ngati ya tayala la galimoto. Dinizani kamsomali ka pakati. Kukatuluka madzi, labala yang'ambika, gulani kathanki kena. Kukakhala zii, kapena kampweya kochepa, ndiye kuti kangophwa.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Musapope madzi ali ndi pulesha, chifukwa geji ya pampu idzakuwerengerani mphamvu ya madzi, osati ya mpweya. Zimitsani boyila, izizire, mutulutse madzi mpaka geji ifike pa 0, musiye potulutsirapo potsegula, kenako mupope kufika pa nambala yolembedwa pa kathankiko, imene kawirikawiri imakhala pafupi ndi 1 bar. Mukatero tsekani, thirani madzi, tulutsani mpweya m'maladiyeta.

Botolo likapitiriza kudzaza muvi usanafike pa 3, kamchenga katsakamira m'valavu pamene inkatseguka, ndipo sikutsekanso bwino. Isintheni ndi ina ya 3 bar yomweyo.

Kumangowonjezera madzi tsiku ndi tsiku ine sindigwirizana nako. Madzi atsopano amabwera ndi mpweya wodyetsa chitsulo dzimbiri, ndipo a pamjigo ena amasiya laimu m'boyila. Ngati muvi sukukwera kwambiri, botolo lili louma, koma pulesha ikutsikabe, pamenepo yambani kupukuta molumikizira mapaipi ndi tishu, mmodzimmodzi, boyila ili yozizira.