Nambala imodzi, matenda awiri: kuwerenga zotsatira za sipirometa

Moni nonse. Taonani mapepala awiri ali pa sikiriniwa, a zotsatira za sipirometa, makina oyezera mpweya umene munthu amauzira kuchokera m'mapapo. Loyamba ndi la abambo a zaka 60 amene asuta chingambwe kuyambira ali mnyamata. Lachiwiri ndi la amayi a zaka 45 amene anachira chifuwa chachikulu, koma mapapo anatsala ndi zipsera. Onse awiri amabanika akamakwera chitunda, ndipo pa mapepala onse FEV1, mpweya wotuluka m'sekondi yoyamba, ndi malita 1.5. Komatu matenda awo ndi osiyana kutalitali.

Poyeza, wodwala amakoka mpweya mpaka chifuwa kudzaziratu, n'kuluma kapaipi, kenako kuuzira ndi mphamvu zonse mpaka mpweya kutheratu. Mpweya wonse umene watuluka ndiwo FVC. Umene watuluka m'sekondi yoyamba yokha ndiwo FEV1. Tikagawa FEV1 ndi FVC timadziwa gawo la mpweya limene linathamangira kunja m'sekondi imeneyo. Kwa munthu wamkulu wa mapapo abwino limakhala pafupifupi 0.75 mpaka 0.80.

Ganizirani chigubu chodzaza madzi koma chapakamwa pang'ono. Mukachipendeketsa, madzi alimo ndithu, koma akutuluka mwa apo ndi apo. Awa ndi mapapo a abambo aja: njira za mpweya zaphinjika. Atapatsidwa mamaikirogalamu 400 a salubutamolo, mankhwala opopera otsegula njira za mpweya, n'kudikira mphindi 15, FEV1 yawo inali 1.5, FVC 3.2. Gawani: 0.47. Chilichonse chochepera 0.70 munthu atapopera mankhwala chikusonyeza kutsekeka kwa njira kosachoka. Asanapopere, FEV1 inali 1.4, ndiye yakwera ndi mamililita 100 okha. Ikanadumpha ndi 12 peresenti komanso mamililita 200 kapena kuposa, tikanaganizira kwambiri mphumu. Apa, ndi mbiri ya fodya ija, adokotala alemba COPD, matenda okhalitsa otseka njira za mpweya.

Tsopano amayi aja. Awo si chigubu, ndi kapu: pakamwa mpotakasuka, madzi amakhuthuka nthawi imodzi, kungoti ndi ochepa. FEV1 ndi 1.5, FVC 1.7, kugawa kukupereka 0.88. Wongoyang'ana 0.88 anena kuti ali bwinobwino. Ayi! Malinga ndi zaka ndi kutalika kwawo, makina amayembekezera FVC ya malita 2.9, iwo afika 59 peresenti yokha. Mapapo aumauma, sakufutukuka. Zoterezi timazionanso kwa ena mwa abambo athu amene anapuma fumbi la miyala m'migodi ya golide ku Joni, kwa munthu wa madzi m'chifuwa, wa msana wopindika kwambiri, kapena amene minofu yopumira yafooka.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa mpamene ambiri timaphonya, ndipo zimandiwawa kuona wodwala akubwerera kwawo ndi dzina la matenda amene alibe. Tiyerekeze kuti abambo aja atopa, asiya kuuzira patangotha masekondi awiri. FEV1 ikhalabe 1.5, poti sekondi yoyamba yadutsa kale. Koma FVC ithera mwina pa 2.0, ndipo kugawa kupereka 0.75. Mwaona? Pepala lawo layamba kufanana ndi la amayi aja, kutsekeka kwabisala, ndipo mankhwala opopera amene akanawathandiza sawalandira.

Ndiye musanawerenge nambala, yang'anani mzere wa galafu. Wa kuchuluka kwa mpweya ndi nthawi, kapena kuti Volume-Time pa makina ambiri, uyenera kukwera kenako kugona chogona kumapeto. Ukaduka ukadakwera, munthuyo sanamalize. Mzere wa Flow-Volume, woonetsa liwiro la mpweya wotuluka, uyenera kuyamba ndi nsonga yakuthwa. Kwa abambo aja, mbali yotsika imalowa m'kati ngati chipande. Kwa amayi aja chithunzi chonse n'chaching'ono ndi chowonda. Pamafunika kuuzira kwabwino katatu, ndipo kuwiri kopambana kusasiyane kuposa mamililita 150. Woyezayo asachite manyazi kukuwa: “Uziranibe bambo, uziranibe, musasiye!”

Ngakhale munthu atauzira bwino, FVC yotsika payokha sitsimikiza kuti mapapo achepa. Pa COPD yaikulu mpweya umatsekeredwa m'kati, sutuluka wonse, FVC n'kutsika pamene mapapowo ndi otupa kuposa kale. Sipirometa imayeza zotuluka zokha. Chotsimikiza ndi TLC, mpweya wonse wa m'mapapo kuphatikiza wotsalira, ndipo imayezedwa ndi makina ena. Choncho pa pepala la amayi aja timalemba kuti zikuoneka ngati mapapo sakufutukuka, n'kupempha TLC ngati ilipo, ndi chithunzi cha pachifuwa.

Malire a 0.70 nawonso muwagwire mosamala. Nambala ya kugawa FEV1 ndi FVC imatsika yokha munthu akamakula, moti agogo a zaka 80 osasuta, osatsokomola, angapeze 0.68 alibe matenda, pomwe mtsikana wa zaka 20 wa mphumu angapeze 0.73 njira zake zitaphinjika. Ngati pepala lili ndi mzere wa LLN, malire oyenera zaka za munthuyo, yerekezani ndi umenewo.