Ngodya za madigiri 45, 30 ndi 60: kuwerengera denga musanadule matabwa

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo, makamaka inu akalipentala ndi omanga nyumba. Lero tikambe za thirayango, chinthu cha mbali zitatu chija, koma mitundu iwiri yokha imene ngodya yake imodzi ili pa sikweya, kutanthauza madigiri 90. Pa mitundu iwiriyi, mukadziwa kutalika kwa mbali imodzi ndiye kuti mwadziwa zonse zitatu.

Onani pepala ili, mbali zake zinayi n'zofanana. Ndikalipinda kuchokera pakona iyi kukafika pakona iyo, patuluka thirayango ya ngodya 45, 45 ndi 90. Mbali ziwiri zokumana pa sikweya n'zofanana. Yopendekerayo timaipeza ndi lamulo la Pythagoras, loti mbali ziwirizo iliyonse tiichulukitse ndi iyo yokha, kenako tiphatikize. Tikati iliyonse ndi 1, ndiye 1² + 1² = 2, choncho kutalika kwa yopendekerayo ndi √2, kutanthauza nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yokha imapereka 2. Mbali zitatuzi zimayenda 1 : 1 : √2, ndipo √2 ndi pafupifupi 1.414.

Tiyerekeze mukukhoma zikhomo za chipinda cha mamita 4 mbali zonse. Kokani tepi mopingasa, kona ndi kona. Iyenera kuwerenga 4 × 1.414, omwe ndi mamita 5.66, ndipo mukapingasa mbali inayo iwerengenso chimodzimodzi. Ena amadula nambalayi n'kungoti 1.4, amapeza 5.6. Apo mwataya kale masentimita pafupifupi 6, ndipo mudzawaona tsiku loika matailosi, mzere ukuthawa khoma.

Yachiwiri ndi imene imasokoneza anthu, ndiye tiyende pang'onopang'ono. Tengani timitengo titatu tofanana, kalikonse ka mamita 2, mutilumikize nsonga ndi nsonga. Ngodya zonse zitatu zikhala madigiri 60. Tsopano gwetsani chingwe kuchokera pansonga yapamwamba kufika pakati penipeni pa kamtengo kapansi. Ngodya yapamwamba yagawika pawiri, 30 ndi 30. Kamtengo kapansi kagawikanso, mita imodzi uku, mita imodzi uko. Theka limodzi ndiye thirayango yathu ya 30, 60 ndi 90: mbali yaifupi ndi 1, yopendekera ndi 2, ndipo chingwe chija ndi √3, pakuti 2² − 1² = 3. Zimayenda 1 : √3 : 2, ndipo √3 ndi pafupifupi 1.732.

Chogwira apa n'chakuti mbali yaifupi ndi imene yayang'anizana ndi ngodya ya 30, ndipo ndi theka la mbali yopendekera. Mvetsani bwino, theka la yopendekera, osati theka la yogona pansi.

Tikwere padenga. Nyumba ndi ya mamita 6 m'lifupi, ndipo mukufuna denga lopendekera madigiri 30. Kuchokera pakhoma kufika pakati pa mtanda ndi mamita 3. Ngodya ya 30 ili pakhoma, ndiye mbali yoyang'anizana nayo ndi mzati wapakati, woimirira uja. Mzatiwo ndiye mbali yaifupi. Mamita 3 ogona aja ndi mbali ya √3. Kuti tipeze mzati tigawa, sitichulukitsa: 3 ÷ 1.732, tipeza mamita 1.73. Phaso ndi kuwirikiza kawiri mzati, mamita 3.46.

Bambo kumbuyoko mwafunsa kuti bwanji osangotenga theka la 3, mzati ukhale 1.5. Cholakwika chofala n'chimenechi. Denga liima ndithu, koma lipendekera madigiri pafupifupi 26 ndi theka, osati 30, ndipo phaso lake ndi mamita 3.35. Ngati mapaso munadula kale a 3.46, atsala masentimita 11, sakumana bwino pamwamba. Wina akachulukitsa m'malo mogawa, 3 × 1.732, apeza mzati wa mamita 5.2. Limenelo ndi denga la madigiri 60, losongoka ngati nsanja ya tchalitchi. Kudziyesa kwake n'kosavuta: pa madigiri 30, mzati uyenera kupitirira pang'ono theka la mbali yogona, koma usafike pofanana nayo.

Musaiwale kuti 3.46 yathera pakhoma. Mukafuna denga lituluke masentimita 50 kunja kuti mvula isamenye khoma, paphaso muonjezere masentimita 58, chifukwa phasolo likupendekera: 50 ÷ 1.732 × 2. Lonse likhala mamita 4.04, ndipo malata muwagule poyang'ana nambala imeneyi.

Nyumba yomweyo mukaipatsa madigiri 45, mzati ufanana ndi mbali yogona, mamita 3, ndipo phaso lifika 3 × 1.414, mamita 4.24. Poyerekeza ndi 3.46 yothera pakhoma ija, mwaonjezera masentimita 78 paphaso lililonse, ndi palata lililonse, mbali zonse ziwiri za denga. Mwininyumba muuzeni zimenezi asanapite kogula matabwa.