Kusankha neti yabwino ndi kusoka ikang'ambika

Zikomo kwambiri, amayi ndi abambo, pobwera. Amene muli kumbuyoko sendezani pafupi, chifukwa zimene ndikufuna kukuonetsani lero ndi zazing'ono, zofunika maso. Ndabwera ndi maneti atatu. Awiri ndi atsopano, yachitatuyi yagwira ntchito chaka ndi theka ndipo ili ndi mabowo. Tiyamba ndi atsopanowa, kenako tisoka yakaleyi limodzi.

Mayi, gwirani iyi. Mukumva kufewa kwake? Imeneyi ndi ya ulusi wa poliyesita. Ulusi wake ndi timaulusi tambirimbiri topotedwa pamodzi, n'chifukwa chake imamveka ngati nsalu. Tsopano gwirani inayi. Yolimba, yokhakhala pang'ono, eti? Imeneyo ndi ya poliyetilini, ndipo ulusi wake ndi umodzi wokha wonenepa. Ambiri amakonda yofewayo chifukwa siikanda pakhungu, ena amakonda yolimbayo. Chimene ndikufuna muziyang'ana pa phukusi ndi nambala yosonyeza kunenepa kwa ulusi, imene amaitcha deniya. Pa maneti a poliyesita mudzaona 75, 100 kapena 150. Nambala ikakula, ulusi ndi wonenepa ndipo suduka msanga. Ngati pabedi pamagona ana atatu amene amalowa ndi kutuluka usiku wonse, ine ndingatenge ya 100 kapena kuposerapo, osati ya 75.

Chachiwiri ndi timaso ta neti. Ikwezeni kuti kuwala kudutse. Maneti ambiri ali ndi timabowo pafupifupi 156 pa kabwalo ka inchi imodzi mbali zonse, ndiye kuti pafupifupi 25 pa kabwalo ka sentimita imodzi. Pamenepo udzudzu sudutsa, koma mpweya umadutsa. Wina angaganize kuti timabowo tikachepa kwambiri ndiye bwino. Ayi, mkatimo mumatentha, munthu amavundukula pakati pa usiku, ndipo neti yovundukulidwa siiteteza aliyense. Palinso maneti ena a poliyetilini a maso akuluko, opangidwa choncho dala kuti mphepo izilowa. Amenewo amadalira kwambiri mankhwala awo. Neti ya maso akulu yopanda mankhwala musaitenge.

Tsopano mankhwalawo. Kale tinkanyika tokha neti m'mankhwala miyezi ingapo iliyonse. Maneti amakono amabwera ndi mankhwala ochokera kufakitale, ndipo amayesedwa kuti mphamvu yake ipirire kuchapa ka 20 ndi zaka pafupifupi zitatu. Pa poliyesita, mankhwala amamatidwa kunja kwa ulusi. Pa poliyetilini amasakanizidwa mkati mwa ulusi pouumba, ndipo amatuluka pang'onopang'ono kubwera pamwamba. Kwa zaka zambiri mankhwala ake anali a gulu limodzi lokha, monga delitamethirini ndi pemethirini. Vuto ndi lakuti m'madera ambiri udzudzu wa anofelesi, umene umafalitsa malungo, unawazolowera. Thupi lake limaphwanya mankhwalawo usanafe. N'chifukwa chake kunabwera maneti olembedwa PBO. PBO payokha si imene imapha udzudzu, ntchito yake ndi kutseka njira imene udzudzu umaphwanyira mankhwala aja, kuti agwirenso ntchito. Mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse linavomerezanso maneti okhala ndi mankhwala ena otchedwa kulofenapiya, amene amapha udzudzu mwa njira yosiyana. Amenewa amapha mochedwerapo, ndiye mukaona udzudzu wakhudza neti n'kuuluka, musati neti ndi yabodza. Mukakhala ndi mwayi wosankha, tengani ya PBO kapena ya kulofenapiya.

Neti yatsopano muiyanike pamthunzi tsiku lathunthu musanagonemo. Mukapanda kutero, ena nkhope imayabwa kapena kutentha. Pochapa gwiritsani madzi ozizira ndi sopo wamba, osathira mankhwala oyeretsera zovala, osaimenya pamwala, ndipo muziyanika pamthunzi chifukwa dzuwa limatha mphamvu ya mankhwala. Kuchapa ka 20 pa zaka zitatu kukutanthauza kuti simungachape sabata iliyonse. Kamodzi pa miyezi itatu n'kokwanira. Madzi ochapirawo musathire mumtsinje, amapha nsomba.

Tiyeni tsopano ku neti yakale ija. Bambo, gwirani ngodya iyo, inu gwirani iyo, tiitambasule monga imakhalira pabedi. Poyeza mabowo timagwiritsa ntchito thupi lathu lomwe: bowo lochepera chala chachikulu, bowo lofika pa chibakera, bowo lofika pa mutu, ndi loposa mutu. Pa neti iyi ndapezapo atatu.

Loyamba ndi ili, pa denga. Chala changa chikungokwana. Ndikadakufunsani kuti tiyambe ndi liti, ambiri mukadaloza lalikulu la m'munsili. Koma taganizani. Munthu akagona, mpweya wake, kutentha ndi fungo la thupi zimakwera m'mwamba, ndipo udzudzu wambiri umasonkhana pa denga la neti, kumayendayenda pamenepo kufuna polowera. Bowo laling'ono la padenga lili pa njira yeniyeni ya udzudzu. Ndiye tiyamba nalo. Bowo lotere silifuna singano. Tsinani neti kuzungulira bowolo, likwinyeni likhale ngati kamutu, kulungani ulusi katatu kapena kanayi pansi pa kamutuko, mangani mfundo kawiri, dulani ulusi wotsala. Latha. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi.

Lachiwiri ndi long'ambika motalika, pafupifupi masentimita 6, m'munsi muno pamene neti imakhudza bedi. Apa inakodwa ndi msomali. Limeneli tisoka. Taonani pamene ndikulowetsa singano: osati pa mlomo weniweni wa bowo, chifukwa ulusi wa pamenepo wafooka kale ndipo udzaduka mukangokoka. Lowetsani maso awiri kapena atatu kuchokera pa mlomowo. Yambani sentimita imodzi bowo lisanayambe, malizani sentimita imodzi litatha, apo ayi lidzapitiriza kung'ambika kumapetoko. Sokani pafupipafupi, koma osakoka mpaka neti kukwinyika, chifukwa ikalimba pamenepo imang'ambikanso pambali. Ulusi wosokera zovala womwewu, wopinda pawiri, ndi wokwanira. Mukamaliza, yesani kulowetsa nsonga ya pensulo m'msokomo. Ikalowa, bwerezani pamenepo. Ndipo chonde, msomali uja ukhomereni kapena uzuleni, chifukwa mukausiya mudzasokanso sabata yamawa.

Lachitatu ndi lozungulira, lalikulu ngati chibakera, ndipo m'mbali mwake mwauma. Limeneli ndi la moto wa kandulo, ulusi unasungunuka. Bowo la khoswe limaoneka mosiyana, m'mbali mwake mumakhala nyenyeswa. Apa neti inachokapo, ndiye mukakoka milomo kuti ikumane mufupikitsa neti, ndipo siidzafikanso pansi pa matiresi. Pafunika chigamba. Dulani ku neti ina yotheratu, kapena kansalu kopepuka, chikhale choposa bowolo ndi zala ziwiri mbali zonse. Chiikeni pamwamba pa bowo, sokani kuzungulira m'mbali mwa chigamba, kenako sokaninso kuzungulira mlomo wa bowo kuti pasakhale mpata pakati.

Mayi mwafunsa kuti kodi ulusi ndi chigamba zopanda mankhwala siziononga? Ayi. Neti yonse yozungulira ili ndi mankhwala ake, chigamba chikungotseka khomo. Kungoti usiku dzanja lisatsamire pa chigambapo, monganso silifunika kutsamira paliponse pa neti.

Kusoka kuli ndi malire ake. Neti ikakhala ndi mabowo angapo oposa mutu, kapena ulusi wake ukamaduka mukangoukoka pang'ono ndi zala, kapena yadutsa zaka zitatu, funani ina. Koma kufikira itapezeka yatsopano, pitirizani kugona mu yosokayo. Tsopano singano ndi izi, ulusi ndi uwu. Amene mwabwera ndi maneti anu atambasuleni awiriawiri, muyambe kuyang'ana padenga.